Kusandutsa Chikalata cha Markdown Kukhala HTML Yoyera

Markdown ndi kalembedwe kogwiritsa ntchito zizindikiro zochepa za pa kiyibodi posonyeza mmene chikalata chamangidwira. Chizindikiro cha `#` patsogolo pa mzere chimanena kuti mzerewo ndi mutu, kamzere kakafupi kamanena kuti apa payamba mndandanda, ndipo mabulaketi amasunga linki. HTML ndi chinenero chimene mapulogalamu owonera masamba a pa intaneti, monga Chrome ndi Firefox, amawerenga. Mapulogalamu amenewa amatchedwa mabulawuza. Kusandutsa Markdown kukhala HTML ndiko kutenga chikalata chosavuta kulemba ndi kuwerenga kwa munthu, n'kuchipereka m'chinenero chimene bulawuza imamva, popanda kutaya mutu, mndandanda kapena linki iliyonse.

Ntchitoyi imachitidwa ndi pulogalamu yomasulira, ndipo imatha m'kamphindi. Koma pulogalamuyo silingalira zimene wolemba ankafuna kunena. Imatsatira zizindikiro ndi mipata imene yaipeza m'fayilo, ndipo ikapeza zosokonekera sidandaula, imangotulutsa zimene malamulo ake alola. Choncho HTML yabwino imachokera ku Markdown yolembedwa mwadongosolo, ndipo zolakwika zambiri zimene zimaoneka pamapeto zimakhala kuti zinayambira pa mpata umodzi kapena mzere umodzi wopanda kanthu umene unasowa pachiyambi.

Kumene Markdown inachokera

John Gruber, wolemba nkhani za makompyuta wa ku America, anatulutsa Markdown mu 2004 mothandizana ndi Aaron Swartz. Cholinga chake chinali chakuti chikalata chiziwerengeka bwino ngakhale chisanasandutsidwe, ndipo zizindikiro zambiri anazitenga pa mmene anthu ankalembera kale makalata a imelo. Anafotokoza malamulo ake m'mawu wamba ndipo anapereka pulogalamu yotchedwa `Markdown.pl`. Malongosoledwe akewo anasiya mafunso ambiri osayankhidwa, monga lakuti mndandanda wokhala m'kati mwa unzake uyenera kulowetsedwa ndi mipata ingati. Anthu ena atayamba kulemba mapulogalamu awoawo omasulira, aliyense anayankha mafunsowo mwa njira yake, ndipo chikalata chimodzi chinkatuluka mosiyanasiyana malinga ndi pulogalamu.

Mu 2014 gulu la akatswiri, mmodzi mwa iwo John MacFarlane wa pa yunivesite ya California ku Berkeley, linatulutsa malamulo atsatanetsatane amene masiku ano amatchedwa CommonMark. MacFarlane yemweyo ndi amene analemba Pandoc, pulogalamu yosandutsa zikalata imene inatuluka koyamba mu 2006. Mu 2017 kampani ya GitHub inafalitsa malamulo a mtundu wake wa Markdown, omangidwa pa CommonMark koma owonjezera zinthu monga matebulo. Phindu la mbiriyi kwa wosandutsa chikalata ndi lakuti Markdown ili ndi mitundu ingapo, ndipo chinthu choyamba kudziwa ndi mtundu umene pulogalamu ikutsatira. Zofotokozedwa m'munsimu zikutsatira CommonMark, kupatula pamene patchulidwa zina.

Tanthauzo la HTML yoyera

HTML imalembedwa ndi matagi, amene ndi mawu afupiafupi otsekeredwa pakati pa `<` ndi `>`. Matagi ambiri amayenda awiriawiri, lotsegula ndi lotseka: `<p>` imatsegula ndime ndipo `</p>` imaitseka. HTML imatchedwa yoyera ngati tagi iliyonse ikunena chimene chinthucho chili, ngati chotsegulidwa chilichonse chatsekedwa pamalo pake, ndiponso ngati mulibe zinyalala zokhudza mtundu wa inki kapena kukula kwa zilembo. Mutu umakhala mu tagi ya mutu. Sukhala ndime wamba yongokulitsidwa zilembo kuti ioneke ngati mutu.

Kusiyanaku sikuoneka ndi maso nthawi zonse, koma kumakhudza anthu. Munthu wosaona amene amagwiritsa ntchito pulogalamu yowerenga mokweza, monga NVDA, amadina batani la `H` kuti adumphe kuchoka pa mutu wina kupita pa wina. Ngati mituyo ndi ndime zongokulitsidwa, batanilo silipeza kanthu ndipo munthuyo ayenera kumvetsera chikalata chonse kuyambira pamwamba. Pulogalamu yomweyo imamuuzanso kuti walowa mu mndandanda ndi kuti muli mfundo zingati, koma imatero pokhapokha mndandandawo uli m'matagi ake oyenera.

Chitsanzo chathunthu

Mlembi wa kalabu ya alimi akhoza kulemba chidziwitso cha msonkhano mu fayilo yotchedwa `msonkhano.md`. Fayiloyo ndi ya mawu okhaokha, ndipo ingalembedwe mu pulogalamu iliyonse yosavuta monga Notepad.

```
# Msonkhano wa Kalabu ya Alimi

Msonkhano udzachitika Loweruka m'mawa.

## Ndondomeko

1. Pemphero
2. Lipoti la msungichuma
   - Zolowa
   - Zotuluka
3. Zisankho

Onani [malamulo a kalabu](https://example.org/malamulo).
```

Pulogalamu ya `cmark`, imene ndi chitsanzo chovomerezeka cha malamulo a CommonMark, imasandutsa fayiloyi ndi lamulo limodzi.

```
cmark msonkhano.md > msonkhano.html
```

Chizindikiro cha `>` m'lamuloli chimauza kompyuta kuti zotuluka zisungidwe mu fayilo yatsopano m'malo mongoonetsedwa pa sikirini. M'fayilo yatsopanoyo mumapezeka izi.

```
<h1>Msonkhano wa Kalabu ya Alimi</h1>
<p>Msonkhano udzachitika Loweruka m'mawa.</p>
<h2>Ndondomeko</h2>
<ol>
<li>Pemphero</li>
<li>Lipoti la msungichuma
<ul>
<li>Zolowa</li>
<li>Zotuluka</li>
</ul>
</li>
<li>Zisankho</li>
</ol>
<p>Onani <a href="https://example.org/malamulo">malamulo a kalabu</a>.</p>
```

Mawu onse a mlembi alipo monga anawalembera. Chimene chasintha ndi zizindikiro zokha: `#` yasanduka `<h1>`, manambala asanduka `<ol>`, timizere tasanduka `<ul>`, ndipo mabulaketi asanduka `<a>`.

Pulogalamu imafika pamenepa podutsa chikalata kawiri. Ulendo woyamba imayang'ana mizere yathunthu kuti idziwe zigawo zikuluzikulu, ndiko kuti mutu uli pati, ndime yayambira pati n'kuthera pati, ndi mndandanda uti uli m'kati mwa uti. Ulendo wachiwiri imalowa m'kati mwa chigawo chilichonse kukafuna malinki ndi mawu otsindika. Dongosololi limafotokoza zolakwika zambiri. Ngati ulendo woyamba wagamula kuti mzere wina si ndime wamba, ulendo wachiwiri sungaubweze. Mwachitsanzo, ndime yoyamba ndi mipata inayi imatengedwa ngati malamulo a pakompyuta ofunika kuonetsedwa mmene alili, ndipo linki yokhala mu ndimeyo imatuluka ndi mabulaketi ake osasandutsidwa.

Mitu

HTML ili ndi milingo isanu ndi umodzi ya mitu, kuyambira `<h1>` mpaka `<h6>`, ndipo Markdown imaisonyeza ndi kuchuluka kwa `#`. Imodzi ndi mutu waukulu, ziwiri ndi mutu wa chigawo, zitatu ndi kamutu ka m'kati mwa chigawocho. Pakati pa `#` ndi mawu payenera kukhala mpata. Wolemba akalemba `#Ndondomeko` mophatikiza, CommonMark imaona ndime wamba, ndipo owerenga amaona chizindikirocho chili poyera patsogolo pa mawu. Pulogalamu yoyambirira ya Gruber inkalola mutu wopanda mpatawu, n'chifukwa chake zikalata zakale zina zimataya mitu zikasandutsidwa ndi mapulogalamu atsopano.

Palinso njira yachiwiri yolembera mitu, yojambula mzere pansi pa mawu. Mzere wa `===` umapanga mutu wa mlingo woyamba ndipo wa `---` umapanga wa mlingo wachiwiri. Njira imeneyi ili ndi msampha, chifukwa `---` imagwiranso ntchito ngati mzere wolekanitsa zigawo, umene mu HTML ndi `<hr>`. Chimene chimasiyanitsa ziwirizi ndi mzere wopanda kanthu. Timizereto tikalembedwa mogundana ndi ndime ya pamwamba pake, ndime yonseyo imasanduka mutu wa `<h2>`. Munthu akaona ndime yaitali yatuluka m'zilembo zikuluzikulu zakuda, akayang'ane pansi pake mu Markdown, ndipo kawirikawiri adzapeza `---` yopanda mzere wolekanitsa.

Milingo ya mitu iyenera kutsatana ngati masitepe. Chikalata chikhale ndi mutu waukulu umodzi, pansi pake pabwere `##`, ndipo `###` ibwere pokhapokha pansi pa `##`. Pulogalamu yomasulira siletsa kudumpha kuchoka pa `#` kufika pa `####`, ndipo anthu ena amadumpha dala pofuna zilembo zing'onozing'ono. Kukula kwa zilembo ndi ntchito ya CSS, chinenero china chokongoletsera masamba. Mlingo wa mutu umanena za udindo wa chigawocho m'chikalata, ndipo ukasokonezedwa, mndandanda wa zam'kati umene mapulogalamu amapanga kuchokera pa mitu umatulukanso wosokonekera.

Mindandanda

Mindandanda ndi imene imavuta kwambiri, ndipo vuto lake limakhala pa mipata. Mndandanda wopanda manambala umayamba ndi `-`, `*` kapena `+`, motsatidwa ndi mpata. Zizindikiro zitatuzi zimagwira ntchito mofanana, koma sizisakanizidwa: wolemba akayamba ndi `-` kenako n'kusinthira ku `*`, CommonMark imatseka mndandanda woyamba n'kutsegula wina. Pa sikirini kusiyanako kungakhale kochepa, koma mu HTML muli `<ul>` ziwiri pamalo pofunika imodzi.

Mu mndandanda wa manambala, nambala yoyamba yokha ndi imene imawerengedwa. Manambala enawo salowa mu HTML, chifukwa bulawuza ndiyo imawerenga yokha. Wolemba akalemba 1, 1, 1, owerenga amaona 1, 2, 3. Akayamba ndi 5, pulogalamu imalemba `<ol start="5">` ndipo bulawuza imapitiriza ndi 6 ndi 7. Izi zimathandiza powonjezera mfundo pakati, popeza palibe chifukwa chokonzanso manambala onse. Koma zilinso ndi msampha wake. Ndime yoyamba ndi chaka chotsatidwa ndi mpumiro, monga `1964. Chaka cha ufulu`, imatengedwa ngati mndandanda woyambira pa nambala 1964. Mankhwala ake ndi kuika kamzere kopendekera kumbuyo patsogolo pa mpumirowo, motere: `1964\.` Kamzere kameneka kamauza pulogalamu kuti chizindikiro chotsatiracho chitengedwe ngati chilembo wamba, ndipo kamagwiranso ntchito pa `#`, `*` ndi mabulaketi.

Lamulo la mndandanda wokhala m'kati mwa unzake ndi lakuti mwana ayambire pansi pa chilembo choyamba cha mawu a kholo lake. M'chidziwitso cha mlembi, mfundo yachiwiri yayamba ndi `2.` ndi mpata, zomwe ndi malo atatu, choncho timizere ta Zolowa ndi Zotuluka talowetsedwa ndi mipata itatu. Kholo likanakhala loyamba ndi `-` ndi mpata, mipata iwiri ikanakwanira. Likanakhala `10.` ndi mpata, pakanafunika inayi.

Mlembi akanalowetsa timizereto ndi mipata iwiri yokha, ndondomeko ikanasweka patatu. Pulogalamu ikanatseka `<ol>` pambuyo pa Lipoti la msungichuma, n'kutsegula `<ul>` yoima payokha, kenako n'kutsegula `<ol start="3">` yokhala ndi Zisankho zokha. Pa sikirini manambala akanaonekabe 1, 2, 3, ndipo munthu wongoyang'ana mofulumira sakanaona cholakwika. Chizindikiro chake n'chakuti Zolowa ndi Zotuluka zikanakhala pamzere umodzi ndi mfundo zikuluzikulu m'malo molowa m'kati. Mu HTML yolondola, `<ul>` ya ana imatsegulidwa ndi kutsekedwa `</li>` ya kholo isanafike, monga zilili m'chitsanzo chija.

Mizere yopanda kanthu imasinthanso mndandanda. Mfundo zikalembedwa mogundana, mawu amalowa mwachindunji mu `<li>`. Pakakhala mzere wopanda kanthu pakati pa mfundo ziwiri zilizonse, mndandanda wonse umatengedwa ngati wotayana, ndipo mawu a mfundo iliyonse amakulungidwa mu `<p>`. Zotsatira zake ndi mipata ikuluikulu pakati pa mfundo. Zonse ziwiri n'zololedwa, ndipo mndandanda wotayana ndi woyenera pamene mfundo zili ndi ndime zingapo. Chofunika n'kudziwa kuti mzere umodzi woiwalika pakati umasintha maonekedwe a mndandanda wonse.

Pamwamba pa mndandanda ndi bwino kusiya mzere wopanda kanthu nthawi zonse. CommonMark imalola mndandanda kuyamba mogundana ndi ndime, koma mtundu wa Markdown umene Pandoc imawerenga ikapanda kuuzidwa zina salola zimenezo. Mumtundu umenewo mfundo zonse zimamezedwa ndi ndime ya pamwamba, n'kutuluka ngati chiganizo chimodzi chachitali chokhala ndi timizere pakati.

Malinki

Linki ili ndi mbali ziwiri, mawu amene owerenga amaona ndi adiresi imene bulawuza imatsegula. Mawuwo amalowa m'mabulaketi a ngodya, `[` ndi `]`, ndipo adiresi imalowa m'mabulaketi ozungulira, `(` ndi `)`. Mu HTML adiresi imapita mu `href` ndipo mawu amakhala pakati pa `<a>` ndi `</a>`. Mabulaketi awiriwa ayenera kugundana. Pakalowa mpata pakati pa `]` ndi `(`, linki imafa ndipo zonse zimatuluka ngati mawu wamba. Imafanso ngati m'kati mwa adiresi muli mpata, monga pa fayilo yotchedwa `lipoti la chaka.pdf`. Mpata wotere umalembedwa ngati `%20`, kapena adiresi yonse imatsekeredwa pakati pa `<` ndi `>` m'kati mwa mabulaketiwo.

Adiresi yokhala ndi `&` imatuluka ndi `&amp;` mu HTML. Anthu ena amaganiza kuti pulogalamu yawononga linki n'kuyamba kukonza pamanja. Kumeneko si kuwonongeka. Mu HTML chizindikiro cha `&` chili ndi ntchito yapadera, ndipo `&amp;` ndiyo njira yolondola yochilembera. Bulawuza imachibwezeretsa yokha potsegula adiresiyo.

M'chikalata cha malinki ambiri, maadiresi ataliatali amasokoneza kuwerenga. Markdown imalola kuwasunga pansi pa chikalata n'kuwaitana ndi dzina.

```
Onani [malamulo a kalabu][malamulo].

[malamulo]: https://example.org/malamulo
```

HTML yotuluka ndi yofanana ndi ya njira yoyamba ija, ndipo mzere wapansiwo suoneka kwa owerenga. Dzina loitanira silisiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, koma liyenera kufanana kalembedwe. Likalakwika ndi chilembo chimodzi, pulogalamu sichenjeza, imangosiya mabulaketi onse poyera.

Adiresi yongolembedwa yokha pakati pa mawu sisanduka linki mu CommonMark, pokhapokha itatsekeredwa pakati pa `<` ndi `>`. Mtundu wa GitHub umaisandutsa wokha. Kusiyana kumeneku kumadabwitsa anthu amene analemba chikalata pa GitHub n'kukachisandutsa ndi pulogalamu ina. Chinthu chinanso chofunika kukumbukira n'chakuti pulogalamu yomasulira imakopera adiresi mmene ilili osaiyesa. Linki yoloza ku `malamulo.md` imalozabe ku `malamulo.md` ngakhale fayiloyo nayonso yasandutsidwa kukhala `malamulo.html`. Wosandutsa mafayilo ambiri olozerana ayenera kusintha maadiresi amenewa yekha, kapena kugwiritsa ntchito chida chomangira masamba chimene chimachita zimenezo.

Ndime ndi kutsindika mawu

Ndime zimalekanitsidwa ndi mzere wopanda kanthu. Kungopita pamzere watsopano sikuyambitsa ndime ina, ndipo bulawuza imalumikiza mizereyo ngati kuti pakati panali mpata wamba. Adiresi ya positi kapena mayina olembedwa mzere ndi mzere amatuluka ali pamzere umodzi. Pofuna kuti mzere uduke pomwepo, kumapeto kwake kumaikidwa mipata iwiri kapena kamzere kopendekera kumbuyo, ndipo mu HTML mumatuluka `<br />`. Kamzereko n'kabwino kuposa mipata chifukwa kamaoneka ndi maso.

Ozolowera WhatsApp amasokonezeka ndi nyenyezi. Pa WhatsApp nyenyezi imodzi mbali zonse za mawu imapanga zilembo zakuda kwambiri. Mu Markdown nyenyezi imodzi imapereka `<em>`, imene imaoneka ngati zilembo zopendekera, ndipo zakuda kwambiri zimafuna nyenyezi ziwiri, zimene zimapereka `<strong>`. Mzere wongodetsedwa ndi nyenyezi ziwiri si mutu, ngakhale uoneke ngati mutu.

Kuchoka pa chidutswa kufika pa tsamba lathunthu

Zimene `cmark` yatulutsa ndi chidutswa cha HTML, choyenera kulowetsedwa m'tsamba lomwe lilipo kale. Fayilo yoima payokha imafunanso chiyambi chonena kuti iyi ndi HTML, dzina la tsamba, chinenero chake ndi mtundu wa kasungidwe ka zilembo. Pandoc imawonjezera zonsezi.

```
pandoc msonkhano.md -f commonmark -t html -s \
  -M pagetitle="Msonkhano" -M lang=ny -o msonkhano.html
```

Apa `-f` ikunena mtundu wa chikalata cholowa, `-t` ikunena mtundu wa chotuluka, `-s` ikupempha tsamba lathunthu, ndipo `-o` ikupereka dzina la fayilo yatsopano. Kutchula `commonmark` n'kofunika chifukwa popanda kutero Pandoc imagwiritsa ntchito mtundu wakewake wa Markdown. Mawu akuti `pagetitle` amaika dzina pamwamba pa zenera la bulawuza pokha. Akagwiritsidwa ntchito `title` m'malo mwake, Pandoc imaikanso dzinalo m'tsamba ngati `<h1>`, ndipo chikalata chokhala kale ndi `#` chimatuluka ndi mitu ikuluikulu iwiri. Zilembo za `ny` ndi chidule chovomerezeka padziko lonse cha Chichewa kapena Chinyanja, ndipo zimauza bulawuza chinenero cha tsambalo.

Kasungidwe ka zilembo kamakhudza Chichewa mwachindunji chifukwa cha chilembo cha ŵ. Mu kasungidwe ka UTF-8, kamene Pandoc imagwiritsa ntchito, ŵ imasungidwa ngati manambala awiri. Bulawuza ikapanda kuuzidwa kuti fayilo ndi ya UTF-8, ikhoza kuwerenga manambala awiriwo ngati zilembo ziwiri za kasungidwe kakale ka ku Ulaya, ndipo mawu akuti Malaŵi amaoneka ngati `MalaÅµi`. Munthu akaona zilembo zachilendozi adziwe kuti mawu ake sanawonongeke. Chosowa ndi mzere umodzi kumutu kwa fayilo, `<meta charset="utf-8">`, umene Pandoc imaika yokha ikapatsidwa `-s`. Fayilo ya Markdown nayonso iyenera kusungidwa ngati UTF-8 kuyambira pachiyambi.

HTML yolembedwa m'kati mwa Markdown

Markdown imalola wolemba kuika matagi a HTML mwachindunji pamene zizindikiro zake zalephera. Mwayi umenewu ndi wothandiza pa chikalata chimene munthu walemba yekha, koma ndi woopsa pa chikalata chochokera kwa munthu wosadziwika, chifukwa tagi ya `<script>` imatha kunyamula malamulo amene bulawuza ya wowerenga idzawatsatira. Mapulogalamu amasiyana pa nkhaniyi. `cmark` ya masiku ano imachotsa HTML yotere n'kusiya mawu akuti `<!-- raw HTML omitted -->` pamalo pake, pokhapokha itapatsidwa `--unsafe`. Pandoc imaidutsitsa mmene ilili. Choncho Markdown yochokera kwa anthu ena imafunika kusandutsidwa ndi pulogalamu yochotsa matagiwa, kapena HTML yotulukayo idutse mu pulogalamu yosefa isanaonetsedwe kwa anthu.

Kuyesa zotuluka

Popeza pulogalamu yomasulira sichenjeza, kuyesa ndi ntchito ya munthu, ndipo kumachitika m'njira zitatu. Yoyamba ndi kutsegula fayilo mu bulawuza n'kufunafuna zizindikiro zotsalira. `#` patsogolo pa mzere imasonyeza mutu wosowa mpata, `](` pakati pa mawu imasonyeza linki yosweka, ndipo timizere tokhala pakati pa chiganizo timasonyeza mndandanda womezedwa ndi ndime.

Yachiwiri ndi kutsegula HTML yeniyeniyo n'kuwerenga matagi moyerekeza ndi chikalata choyambirira. Chidziwitso cha mlembi chili ndi mitu iwiri, mindandanda iwiri, mfundo zisanu ndi linki imodzi. HTML iyenera kukhala ndi `<h1>` imodzi, `<h2>` imodzi, `<ol>` imodzi, `<ul>` imodzi, `<li>` zisanu ndi `<a>` imodzi. Pakapezeka `<ol>` ziwiri, mipata ya mndandanda wam'kati inali yoperewera. Pakapezeka `<pre>` pamalo posayembekezeka, mzere wina unalowetsedwa ndi mipata yambiri. Bungwe la W3C lili ndi chida chaulere pa `validator.w3.org` choyesera ngati matagi atsatira malamulo a HTML, koma chidacho sichingadziwe kuti wolemba ankafuna mndandanda umodzi pamene patuluka itatu.

Yachitatu ndi kudina linki iliyonse, chifukwa adiresi yolakwika ndi chilembo chimodzi imatuluka mu tagi yooneka bwinobwino. Cholakwika chikapezeka pa njira iliyonse mwa zitatuzi, chimakonzedwa mu fayilo ya Markdown ndipo lamulo losandutsa limabwerezedwa. Kukonza mu HTML kumatayika tsiku limene chikalata chidzasinthidwe n'kusandutsidwanso, ndipo cholakwika chomwecho chimabwerera.